Jekete yatenga mtundu wa tayi, nkhope nayo yasintha

Wa Situdiyo: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Kasitomala akufuna pachithunzi avale malaya oyera, jekete ya buluu, tayi yofiira, thalauzi yakuda ndi wotchi. Zonsezi ndazilemba mu pulomputi imodzi, mawu ouza makina chochita, pa Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yopanga ndi kusintha zithunzi, ndayesa ka 7. Jekete ikutuluka yofiira, wotchi kulibe, nkhope yayamba kufanana ndi ya munthu wina. Ntchitoyi akuifuna mawa m'mawa.

Mkonzi Wakale: Achimwene, mwawasenzetsa katundu wambiri makinawo. Mitundu inayi m'chiganizo chimodzi, sadziwa kuti kufiirako nkwa chovala chiti, ndiye amangokupaka pansalu yaikulu. Muvekeni munthuyo monga timavalira tonse, kuyambira mkati. Jambulani masiki, chizindikiro cha malo omwe makina asinthe, pachifuwa ndi m'mikono pokha, mulembe za malaya basi. Akakhala bwino, tayi, chifukwa imadalira pomwe kolala yakhala. Kenako jekete, kenako thalauzi. Wotchi pomaliza, popeza mkono wa jekete ndiwo umanena pomwe ioneke. Pulomputi ya tayi isapose apa:

```
red silk tie, knotted at the collar
```

Kamodzinkamodzi: Ayi bwana. Chithunzi mukachidutsitsa kasanu m'makina chimatha. Pulomputi imodzi yolembedwa bwino ndi yokwanira.

Wa Zaukwati: Apo pali choona. Ine diresi ya mkwatibwi ndinaikonza ka 9, ndikusunga JPG nthawi iliyonse. Pomaliza khungu lake linali see ngati chidole, timaluwa ta pakhosi titasungunuka. Anangoti uyu si ine. Ndinabweza ndalama, mpaka lero zimandiwawa.

Mkonzi Wakale: Pepani achemwali, koma chinakupwetekani nchakuti chithunzi chonse chimabwerera m'makina, nkhope yomwe. Nkhope isalowe mu masiki ngakhale pang'ono. Sungani PNG, yomwe siwononga chithunzi posunga monga JPG, ndipo gawo lomwe lasinthalo mulidule nkuliika ngati leya pamwamba pa chithunzi choyambirira. Mukatha sitepe iliyonse, kuzani maso ndi zala mufanizire ndi choyambacho. Mukaona kusiyana bwererani kumbuyo kamodzi, osakonza pamwamba pa cholakwika. Samalaninso `denoising strength`, nambala yonena kukula kwa kusintha komwe makina achite: cha m'ma 0.4 chovala chakale chimakanirira, kupitirira 0.8 mapewa amayamba kusintha.

Kamodzinkamodzi: Ndiye kasanu masiki, kasanu kudula? Tsiku latha. Ndikubwerezanso, vuto ndi kalembedwe. Ikani mtundu pafupi ndi chovala chake basi.

Wa Situdiyo: Ndinatero kale akulu, `red tie` zili moyandikana, jekete ikufiirabe.

Kamodzinkamodzi: Sinthani `seed`, nambala yomwe makina amayambirapo popanga chithunzi, idzagwira.

Wa Zaukwati: Chenjeraninso ndi mthunzi. Jekete ikalowa payokha, nthawi zina kuwala kwake kumachokera mbali ina, osati komwe kukuchokera kwa pankhope. Kasitomala sadziwa chalakwika, koma amaona kuti chovalacho nchomata.

Wophunzira: Pepani polowerera. Nanga munthu akapinda manja pachifuwa, masiki ya jekete mumaidutsitsa pati? Kwa ine zala zikumatuluka 6.