Ripo ndikuwerengera 2V koma mita ikuti 0.6V, ndalakwitsa pati?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni mutu waima. Ndalumikiza hafu wevu, thiransifoma ya 12V, dayodi imodzi 1N4007, kapasita ya 1000µF, katundu wake akukoka 100mA. Ndikawerengera ndi Vr = I/(fC) ndikupeza 2V koma mita ndikaiika pa AC ikungoti 0.6V. Komanso akufuna ndipeze nthawi yomwe dayodi imakhala yotsegula, apo ndiye sindikudziwa ndi poyambira pomwe.

Woyankha 1: Aise f waika 50? Ika 100 upeza 1V, wayandikira kale

Woyankha 2: Ayi achimwene, 100 ndi ya buliji. Apa dayodi ndi imodzi, kapasita ikudzazidwa kamodzi pa 20ms iliyonse, ndiye 50 yomweyo. Ofunsa simunalakwitse, 2V yanuyo ndi kuchoka pamwamba kufika pansi pomwe mita imakupatsani RMS, ndipo ripo yooneka ngati mano a sowo mumagawa ndi 3.5, basi 0.6V yanu ija.

Wofunsa: Eeh ndiye usiku wonse ndimalimbana ndi chinthu chabwinobwino! Nanga za nthawi ija?

Woyankha 2: Yambani ndi nsonga, 12 × 1.414 ndi 17V, kuchotsa 0.7 ya dayodi kutsala 16.3V. Dayodi imatseguka pokhapokha mphamvu ya thiransifoma ikapitirira yomwe yatsala mu kapasita, ikangodutsa pansonga yatsekanso.

```
Δt ≈ √(2Vr/Vp) / (2πf)
   = √(4/16.3) / 314 ≈ 1.6ms
```

Ndiye pa 20ms ikugwira ntchito 1.6ms yokha, ndipo zonse zomwe katundu wadya mu nthawi yonse ija ziyenera kubwezedwa mu kanthawi kameneka, nchifukwa chake karenti imadumpha mpaka cha m'ma 2.5A ngakhale inu mukungokoka 100mA. Onaninso kuti fomula ija imayesa ngati kapasita ikukhuthula 20ms yonse pomwe ndi 18.4ms, ripo yeniyeni ikhala cha m'ma 1.8V.

Woyankha 3: Zonsezi nzochedwetsa, ine ampu yanga imalira huuu ndinangoika 4700µF nkhani inatha. Bola thiransifoma ikufunda pang'ono masiku ano

Woyankha 2: Kufundako nkomweko bwana. Pa saketi ya mnzathuyu 4700µF itsitsa ripo kufika 0.4V koma nthawi ija ifupika kufika 0.7ms, karenti yapansonga nkukwera kuposa kawiri.

Woyankha 4: Papepala zili choncho, koma ine ndinaonapo pa osilosikopu sizinafike pamenepo. Waya wa thiransifoma yaing'ono amabweza karenti, nsonga imaphwatalala ndipo dayodi imakhalitsa kuposa mmene mwawerengeramo. Komanso yolembedwa 12V katundu akachepa imapereka kuposa 12V, yezani kaye.

Wofunsa: Ndayeza pompano ikuti 13.4V. Ndiye ndilembe 1.6ms kapena ndiyambirenso ndi 13.4? Nanga kuphwatalalako pali njira yowerengera opanda osilosikopu, ine ndilibe