Wa renti wandikwana pa Ngabu, ngongoleyi tiidule bwanji?

Mayi a Tadala: Abale thandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu pa Ngabu, mnyamata wina amagulitsamo golosale, renti ndi K60,000 pa mwezi koma pano miyezi 4 osalipira, yakwana K240,000. Bilu ya madzi ili pa dzina langa yafikanso K48,000, iyeyo ndi amene amawagwiritsa ntchito popanga mafirizesi, akabwera kudzadula wovutika ndine. Kumuthamangitsa sindikufuna chifukwa zaka zam'mbuyomu amalipira bwinobwino. Ndaganiza ayambe wapereka ya madziyo, kenako mwezi uliwonse azipereka renti kuwonjezerapo K40,000 kuti pa miyezi 6 tithane. Ndimuuze bwanji kuti zigwire?

Che Joni: Ikani loko pachitseko mawa m'mawa, ndalama ipezeka tsiku lomwelo.

Ankolo a pa Nchalo: Mayi lokoyo ayi, mukamutsekera katundu n'kuwonongeka mufiriji ndi kutentha kwathu kuno mlandu utembenukira inu. Komanso taonani, munthu walephera K60,000 ndiye K100,000 pakamodzi aitenga kuti? Wa golosale ndalama yake imalowa tsiku ndi tsiku, siikhalitsa m'thumba, amakapikulira katundu. Igaweni pa sabata, K25,000 Lolemba lililonse pa Mpamba kapena Airtel Money kuti meseji ikhale umboni. Papepala mulembe renti payokha madzi paokha, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndipo muneneretu kuti ndalama iliyonse yolowa iyambe yatseka renti ya mwezi umenewo, yotsala ndiyo idule ngongole. Mukapanda kutero mudzakangana, iye azidzati ndinamaliza ngongole pomwe renti yatsopano ikuunjikana. Musainirane pamaso pa mboni ziwiri, wina akhale wa komiti ya msika, aliyense atenge kope yake.

Nachisale: Shopuyo ili mbali iti? Ine ndikusaka malo a saluni.

Mayi a Tadala: Sinatuluke munthu asisi. Ankolo, nanga akadumpha sabata?

Ankolo a pa Nchalo: Mulembemo kuti akadumpha masabata awiri otsatizana pangano latha, mumupatsa notisi yolemba, akakana kutuluka nkhani ipite kwa majisitireti. Ya madzi mukalipire nokha ndi ndalama yakeyo, risiti musunge.

Bambo Fulatira: Muikepo chiwongoladzanja, K240,000 ya lero si ya miyezi 6 ikubwerayi mmene zinthu zikukwereramu. Wanga ku Bangula ndinamumvera chisoni nthawi ya madzi osefukira, anasamuka usiku ndi mashelefu omwe.

Ankolo a pa Nchalo: Zoti ndalama ikugwa mphamvu nzoona, koma ngati sizinali m'pangano loyamba musamukakamize, ndiye poyambira kuthawa pamenepo.

Mayi a Tadala: Ndamuyimbira, akuti K15,000 pa sabata ndiye angakwanitse mpaka anthu agulitse thonje. Koma imeneyo ndi renti yokhayokha, ngongole osasuntha. Ndivomere kapena ndikakamire K20,000?