Mawu a Lolemba akukondedwa koma anthu sakubwera ku jimu

Kochi wa pa Dedza boma: Akuluakulu ndithandizeni. Lolemba lililonse ndimaponya mawu olimbikitsa pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook. Sabata yathayi ndinalemba kuti "Usagonje, ndiwe ngwazi, maloto ako akukudikira." Timitima timabwera tambiri, koma pabwalo 5:30 m'mawa anthu akuchepa, makamaka Juni uno. Ndikufuna mawu okwana miyezi iwiri. Ndiyambire pati?

Mayi wophunzitsa maerobiki ku Ntcheu: Achimwene, mumaponya nthawi yanji?

Kochi wa pa Dedza boma: Cha m'ma 7, ndikamaliza gulu la m'mawa, mayi.

Mayi wophunzitsa maerobiki ku Ntcheu: Ndiye mukulimbikitsa munthu woti wajomba kale. Wobwera 5:30 amatsimikiza usiku, pomwe akutchera alamu ndi kuyang'ana nsapato. Ponyani Lamulungu cha m'ma 8 usiku. Sitetasi imakhala maola 24, choncho Lolemba idzakhalapobe mpaka 8 usiku.

Chachiwiri ndi mawuwo. Anthu anu ndi aphunzitsi, manesi, ogwira ntchito kwa DC, ena akulu kuposa inu. "Ndiwe ngwazi" ndi chilankhulo cha kwa mwana wa sukulu. Lembani "inu". Ndipo mawu aja mutawaika pa tsamba la wogulitsa inshuwalansi angakwanenso, chifukwa mulibe Dedza, mulibe kuzizira, mulibe chochita. Ine ndimafunsa mzere uliwonse kuti ukuyankha chifukwa chiti chojombera, ndipo ukumuuza munthu achite chiyani. Mwezi uno chifukwa chake n'chimodzi, bulangete. Ndiye nenani za bulangetelo:

"Kuzizira kukuluma mphindi 10 zoyamba zokha. Valani juzi, tikatenthetsa thupi muvula nokha. Mawa 5:30 pabwalo."

Sabata yotsatira mulankhule kwa amene anasowa, chifukwa ambiri samabwerera ndi manyazi: "Ngati munasowa sabata yonse, palibe akufunseni mlandu. Mawa tiyamba ndi kuyenda ndawala."

Mnyamata wonyamulitsa zitsulo ku Lizulu: Ine ndili ndi mnzanga amapanga mapositala okongola, chithunzi cha munthu wa minofu kumbuyo, dzina la jimu pamwamba. Mtengo wake ndi wabwino. Ndikupatseni nambala?

Kochi wa pa Dedza boma: Zikomo ada, koma vuto si chithunzi, ndi mawu oti alembedwepo.

Mphunzitsi wa masewera wa ku Bembeke: Kwa ine yankho ndi miyambi. "Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha." "Pang'onopang'ono ndi mtolo." Sankhani isanu ndi itatu, miyezi iwiri yatha. Aliyense amaidziwa, ndipo palibe angakhumudwe nayo.

Mayi wophunzitsa maerobiki ku Ntcheu: Aphunzitsi, mwambi ndimaukonda, koma paokha munthu amangovomera ndi mutu n'kupitiriza kugona. Uikireni mchira. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi osachepera mphindi 150 pa sabata. Ndiye mulembe: "Pang'onopang'ono ndi mtolo: mphindi 30 masiku asanu zakwana 150 za sabata. Zoyamba 30 ndi mawa." Apo mwambi wagwira ntchito. Koma kamodzi pamwezi basi, ukachuluka umasanduka wa pa kalendala.

Musalembenso mizere yonse isanu ndi itatu lero. Lembani inayi ya kuzizira, inayo idikire zomwe anthu azikuuzani pabwalo. Wina akanena kuti mawondo akumuwawa pokwera chitunda cha kuphiri, mzere wa Lamulungu wapezeka.

Mnyamata wonyamulitsa zitsulo ku Lizulu: Mayi mukuwanyengerera kwambiri. Ine ndinalemba "Chimimba chimenecho si chizindikiro cha ndalama" ndipo anyamata anadzaza, akusekana okhaokha.

Mayi wophunzitsa maerobiki ku Ntcheu: Anyamata ako ndi amsinkhu umodzi, mwanawe. Kwanga kuli amayi ongochira kumene ndi ena omwe adokotala anawauza za kuthamanga kwa magazi. Akawerenga zimenezo aganiza kuti ndikunena iwo, ndipo sindidzawaonanso.

Mphunzitsi wa masewera wa ku Bembeke: Apa ndili mbali ya mnyamatayu pang'ono. Abambo ena samva kunyengerera, amadzuka ukawagwira pamtima.

Kochi wa pa Dedza boma: Gulu langa n'losakanikirana, ndiye za chimimba ndizisiya kaye. Nanga ndidziwa bwanji kuti mzere wagwira?

Mayi wophunzitsa maerobiki ku Ntcheu: Osawerenga timitima. Mu kope lanu la mayina, pamwamba pa tsiku la Lolemba lembani mzere womwe munaponya ndi momwe kunja kunachera. Tsiku la chifunga musaliyerekeze ndi la dzuwa, mungaunamizire mzerewo. Pakatha milungu inayi muwerenge anthu omwe anabwera.

Kochi wa pa Dedza boma: Ndayesa uwu wa Lamulungu likubwerali: "Chifunga chili paphiri, ife tili pabwalo. Tengani juzi ndi mnzanu mmodzi. Mawa 5:30." Ukumveka?

Mphunzitsi wa masewera wa ku Bembeke: Chotsani "mnzanu mmodzi", zochita zachuluka. Musunge umenewo ukhale wa sabata ina.