Akaunti ya $300, sitopu ya golide ili pa mtunda wa $8: loti ikhale yanji?

Chifundo: Akuluakulu, ndithandizeni masamu awa msika wa London usanatsegule. Mu akaunti muli $300, ndipo lamulo langa ndi loti tiredi imodzi isandidyere zoposa 1 peresenti, yomwe ndi $3. Pa XAUUSD, yomwe ndi golide pa mtengo wa dola, tchati cha H1 cha makandulo a ola limodzi, ndikufuna kugula pa 2350.00. Pomwe mtengo unabwerera komaliza ndi pa 2343.50, ndiye sitopu, yonditulutsa mtengo ukanditembenukira, ndaiika pansi pake pang'ono, pa 2342.00. Mtunda wake ndi $8. Ndikawerengera, loti, yomwe ndi kukula kwa tiredi, ikutuluka 0.00375, koma buloka wanga salola yochepera 0.01. Ndikuganiza zokweza sitopu ifike pa 2347.00 kuti mtunda ukhale $3, masamu agwirizane. Pali vuto?

Yamikani: Sitopuyo musaigwire amwene, ili pamalo pake. Ingolowani ndi 0.01 basi. Imeneyo ndiye loti yaing'ono kuposa zonse, singakupwetekeni. Ine chilichonse ndimalowa ndi 0.01.

Kondwani: Levereji yanu ndi yanji kodi? Ngati ndi 1:500, loti ya 0.01 pa golide ikufuna $4.70 yokha. Ndiye mwangopitirira $3 yanuyo pang'ono chabe, palibe chodandaulitsa.

A Phiri: A Kondwani, $4.70 mukunenayo ndi chikole chimene buloka amagwira tiredi ikadali yotsegula. Mukatseka, amachimasula. Si ndalama imene mungaluze. Loti ya 0.01 pa golide ndi aunsi imodzi, ndipo aunsi imodzi ikatsika mtengo ndi $8, mwaluza $8, kaya levereji ndi 1:50 kaya 1:500. Levereji imangonena ngati akulolani kulowa. Kuchuluka kwa zomwe mutaye kumachokera ku zinthu ziwiri zokha, kukula kwa loti ndi kutalika kwa sitopu.

A Chifundo, masamu anu ali bwino. Ndiwalembe kuti tonse tiziona chinthu chimodzi:

```
loti = $3 / ($8 x 100) = 0.00375
```

100 ameneyo ndi maaunsi a mu loti imodzi yathunthu. Mabuloka ambiri amaika choncho, koma dziwonereni nokha. Pa MT5 dinani kumanja pa XAUUSD mu Market Watch, sankhani Specification, muone Contract size ndi Minimal volume.

Chomwe sindikugwirizana nacho ndi kukweza sitopu. Dzifunseni chifukwa chimene munaiikira pa 2342.00. Munaona kuti ogula anateteza 2343.50, ndipo mtengo ukadutsa pamenepo ndiye kuti ganizo lanu logula lafa. Nanga pa 2347.00 pali chiyani? Palibe chilichonse pa tchati. Mtengo ukhoza kutsika kufika 2346.00, kukutulutsani, n'kukwera monga munaganizira, popanda kuphwanya chilichonse chimene munaona. Golide kuyenda $3 mkati mwa kandulo imodzi ya ola si zachilendo. Mudzaluza $3 yokha, inde, koma muzidzailuza pafupipafupi, pa matiredi amene munawerenga bwino. Msika sudziwa kuti mu akaunti mwanu muli $300.

Dongosolo lake limayamba ndi tchati, chimene chimakuuzani pomwe sitopu ikhale. Akaunti imakuuzani ndalama zomwe mungapirire kutaya. Loti imabwera pomaliza, ndipo ndi yokhayo imene iyenera kusinthasintha.

Yamikani: Ndiye mwagwirizana nane akulu. Sitopu ikhale pomwepo, alowe ndi 0.01.

A Phiri: Pa sitopu tagwirizana. Pa 0.01 ayi. Taonani, $8 pa $300 ndi pafupifupi 2.7 peresenti, pomwe mwiniwake anadziikira 1. Komanso 0.01 si muyeso umodzi paliponse. Pa EURUSD, 0.01 imayenda masenti 10 pa pipu iliyonse, ndiye sitopu ya mapipu 25 ndi $2.50. Imeneyo ikukwana bwinobwino mu $3 ya a Chifundo. Loti yomweyo pa golide uyu ndi $8. Munthu amene amalowa chilichonse ndi 0.01 amaluza pang'ono lero, zambiri mawa, osadziwa kuti kusiyanako kukuchokera kuti.

Ndipo poti pansi pa 0.01 palibe potsikira, vuto limakula mukamaluza. Tinene kuti mwaluza kakhumi motsatizana, zomwe zimachitika ngakhale kwa anthu odziwa ntchito. Pa $8 iliyonse mwataya $80, mwatsala ndi $220, ndipo $8 yotsatira tsopano ndi 3.6 peresenti ya akaunti. Amene amawerengera 1 peresenti nthawi zonse akaluza kakhumi amakhala atataya zosakwana 10 peresenti, chifukwa loti yake imachepa limodzi ndi akaunti.

Yamikani: Koma akulu, ndi $3 munthu adzafika liti? Ngakhale apeze kawiri kuchuluka kwake ndi $6, ndalama ya bando yokha siikwana. Ife a maakaunti ang'onoang'ono 1 peresenti siitithandiza. Ine ndimaona kuti mpaka 3 peresenti palibe cholakwika.

A Phiri: 1 peresenti si lamulo la boma, munthu akhoza kusankha 2. Ine 3 ndimaiona yokwera, koma ndi ndalama zanu. Chomwe ndikukana ndi kusankha peresenti mutaona kale tiredi imene mwaikonda. Ngakhale pa 2 peresenti, a Chifundo ali ndi $6, ndipo $8 siikulowamo. Tiredi iyi pa 0.01 ikufuna akaunti ya $400 pa 2 peresenti, kapena $800 pa 1 peresenti.

Anambewe: Pepani ndalowa mochedwa. Achimwene a Chifundo, nonse mukukangana za sitopu ndi loti, koma mtunda uli ndi mbali ziwiri. Sitopu isiyeni pa 2342.00, musunthe polowera. Ikani Buy Limit, oda yodikira kugula mtengo ukatsika, pa 2345.00. Mtengo ukabwerera n'kukutengani, mtunda ndi $3, loti 0.01, mwakwana mu 1 peresenti yanu ndipo sitopu ikadali kuseri kwa malo enieni a pa tchati. Ukapanda kubwerera, tiredi yapita yokha, simunataye kanthu.

Chifundo: Asisi, apa mwanditsegula mutu. Ndiye kuti phindu nalonso likukula, poti ndimafuna kutulukira pa 2366.00. Kuchokera pa 2350.00 ndi $16 pa $8, koma kuchokera pa 2345.00 ndi $21 pa $3.

A Phiri: Masamu a Anambewe ndi oona, ndipo njira imeneyi ndi yabwino kuposa kukweza sitopu. Koma musakomedwe ndi $21 pa $3. Ganizirani masiku amene oda yotereyi imagwira. Ogula akakhala ndi mphamvu, mtengo nthawi zambiri subwerera mpaka 2345.00, umangopita, inu n'kutsala. Tsiku lomwe wabwerera mozama choncho, kawirikawiri ndi tsiku lomwe ogulitsa ayamba kulimba. Mapeto ake mumapezeka m'matiredi ambiri ofooka, amphamvu akukudutsani. Sindikuti musachite, koma lembani zotsatira zake padera, musazisakanize ndi za kulowa pa 2350.00. Ndi njira ziwiri zosiyana.

Anambewe: Zimenezo ndikuvomera mbali ina. Koma zimatengera kuti pa 2345.00 pali chiyani. Ngati ndi malo amene mtengo unaimapo kale, si kubwerera mozama, ndi kubwerera kwa masiku onse. Ngati nambalayo yangochokera ku masamu a $3, ndiye a Phiri akunena zoona. Achimwene, bwererani ku tchati mukaone.

China chimene ine ndinachita pamene akaunti inali yaing'ono ndi kutsegula akaunti ya masenti. $300 imaoneka ngati 30,000, ndipo kwa buloka wanga loti yake ndi yochepa ka 100 poyerekeza ndi yanthawi zonse. Pamenepo 0.00375 yanu ija imakhala 0.375, mumatsitsa n'kulemba 0.37, n'kulowa pa 2350.00 ndi sitopu yanu ya $8 osasintha kanthu. Muzitsitsa nthawi zonse, osakweza. Koma mabuloka amasiyana mmene amawerengera loti ya masenti, ndiye yambani mwatsegula yaing'onong'ono muone kuti mtengo ukayenda $1 ndalama ikusintha bwanji.

Kondwani: Ine funso langa ndi la mapipu. Ena amati golide akayenda $1 ndi mapipu 10, ena amati 100. Ndinagwiritsa ntchito chowerengera loti cha pa foni, chinandipatsa loti yaikulu kakhumi kuposa imene mnzanga anapeza pa tiredi yomweyo.

A Phiri: N'chifukwa chake pa golide ine mapipu sindiwatchula. Chotsani mtengo wa sitopu pa mtengo wolowera, mupeze madola, muchulukitse ndi maaunsi amene mwagula. Pa MT5 mukakoka Crosshair kuchokera pa 2350.00 kufika pa 2342.00 muona 800, ngati mtengo uli ndi manambala awiri pambuyo pa kadontho. Amenewo ndi mapointi, ndipo 800 ndi $8. Chowerengera chilichonse chikakupatsani loti, iyeseni chobwerera: loti, kuchulukitsa ndi 100, kuchulukitsa ndi mtunda wa m'madola. Yankho likapanda kufanana ndi ndalama imene munalola kutaya, musadine.

Ndiwonjezere chimodzi, a Chifundo, poti mwayamba kukonda Buy Limit ija. $3 ya pa pepala ndi ya tsiku labata. Ngati buloka wanu amadula komishoni, iwonjezereni pamenepo. Komanso sitopu si lonjezo la mtengo. Ikagundidwa, buloka amakutulutsani pa mtengo umene ulipo nthawi imeneyo. Malipoti a ntchito a ku America a NFP, amene nthawi zambiri amatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, kuno 14:30 kapena 15:30 malinga ndi nyengo ya kwawoko, amatha kudumphitsa golide madola angapo m'kamphindi. Kuterereka kwa $2 pa sitopu ya $8 ndi kotala ya zomwe munawerengera. Pa sitopu ya $3, mwaluza $5 m'malo mwa $3. Sitopu yaifupi ndi imene imapwetekeka kwambiri ndi zimenezi, ndiye oda yodikirayo muziichotsa nkhani zikuluzikulu zisanatuluke.

Yamikani: Apo pokha ndagwirizana nanu. Koma za 3 peresenti sindinasinthe maganizo. Ndidzabweretsa matiredi anga a mwezi uno tidzawerengere limodzi.

A Phiri: Mubweretse, ndipo pa iliyonse mulembe mtunda wa sitopu ndi ndalama zomwe zinali mu akaunti tsiku limenelo. Popanda zimenezo sitidziwa kuti munkaika 3 peresenti kapena 7.

Chifundo: Ndabwerera ku tchati. Pa 2345.00 palibe chooneka, malo amene mtengo unaimapo ali cha pa 2346.20. Kuchokera pamenepo mpaka pa sitopu ndi $4.20, yomwe ndi 1.4 peresenti. Yapitirirabe. Iyi ndiisiya, lero ndiyang'ana EURUSD. Asisi Anambewe, pa akaunti ya masenti ija, sipuledi ya golide, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, imakhala yofanana ndi ya akaunti wamba kapena amaikweza?

Anambewe: Kwa buloka wanga ndi yokwererapo pang'ono. Tsegulani zonse ziwiri nthawi imodzi London akatsegula, muyerekeze Bid ndi Ask, kenako mudzaonenso usiku cha m'ma 23:00 pomwe imatambasuka kwambiri.