Ndinalipira vidiyo yotsatsa, pano akuti ndilipirenso. Zimatero?

Wagolosale wa ku Rosettenville, ku Joni: Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero, usipa ndi zina za kumudzi. Ndinapatsa R1 500 mnyamata wina wa kwathu amene amapanga mavidiyo oseketsa pa TikTok ndi Instagram kuti anditsatsire. Tinagwirizana pafoni kuti apange vidiyo imodzi, aike pa peji yake. Inayenda bwino, mpunga unatha. Ndiye ndinaidawunilodi, nkuiika pa peji ya shopu, nkudina Boost kuti ndiithirire ndalama ifike kwa anthu ambiri. Eni apu aikana, akuti vuto ndi nyimbo. Mnyamatayonso wandiimbira kuti nkhope yake siingakhale pa malonda anga popanda ndalama ina. Kodi vidiyo imene ndinalipirayo si yanga?

Mayi wa saluni ku Turffontein: Achemwali, dyera limenelo. Munalipira, ndi yanu basi.

Wogwira ntchito yotsatsa ku Randburg: Amayi, musafulumire. Pali zinthu ziwiri zimene zimagulidwa padera. China ndi kuti munthu aike vidiyo pa peji yake kuti omutsatira aione. China ndi chilolezo choti inu muithirire ndalama ifike kwa anthu amene samudziwa nkomwe, nkhope yake ili pomwepo. Pafoni paja munakambirana choyambacho. Ambiri amalipiritsa chachiwirichi pa mwezi, ndiye mnyamatayo sakuchita zachilendo, ngakhale akanayenera kunena poyamba.

Komanso kudawunilodi si njira yake. Mukaiika pa peji yanu imayambira pa ziro, makomenti onse a anthu ofunsa mtengo aja amatsala kwa iye. Pa TikTok mumupemphe atsegule Ad settings pa vidiyoyo, ayatse Ad authorization, asankhe masiku, kaya 30 kaya 60. Pamatuluka khodi, inu mumakaiika mu TikTok Ads Manager. Amazitcha Spark Ads. Malondawo amaoneka ndi dzina lake, malaiki ake ali pomwepo, ndipo masiku akatha chilolezo chimatha chokha. Pa Instagram amaika chizindikiro cha Paid partnership ndi dzina la shopu yanu, nkukulolani kuti muibuste.

Wagolosale: Zikomo achimwene. Ndiye akandipatsa khodiyo, za nyimbo zatha?

Wa ku Randburg: Ayi, pamenepo ndiye povuta. Nyimbo zotchuka zimene zili mu apu muja analoleza anthu wamba kusewera nazo, osati kugulitsira katundu. Vidiyo ikakhala ya malonda, nyimbo iyenera kuchokera mu Commercial Music Library ya TikTok kapena Sound Collection ya Meta, apo ayi azingolankhula popanda nyimbo. Ngati nyimboyo inalowa pansi pa mawu ake, mumufunse ngati anasunga vidiyo yoyamba asanaikemo nyimbo. Ngati anafufuta, ndi kujambulanso.

Mnyamata wophunzira ku yunivesite: Koma mayi a saluni sanalakwitse zonse. Lamulo la kuno ku South Africa la kopelaiti la 1978 limati ukatuma munthu kujambula filimu nkumulipira, mwini filimuyo ndi iwe, pokhapokha mutagwirizana mwina.

Wa ku Randburg: Lilipodi. Koma silikupatsani nyimbo ya eni ake, ndipo silingadine batani la khodi mu foni ya mnyamatayo. Za nkhope yakenso ndi mlandu wina. Pa R1 500 mungapite kwa loya?

Bambo wa thiransipoti ya ku Lilongwe: Ine wonditsatsira wanga ananena mu vidiyo kuti katundu amafika masiku atatu, chonsecho pa boda ya Beitbridge pokha nthawi zina timagonapo. Makasitomala ananditukwana mwezi wathunthu. 

Wa ku Randburg: Bambo, zimenezo zimachitika mukangomuuza kuti "ukudziwa kale, panga". Achemwali, ulendo wina mulembereni pa WhatsApp musanatumize ndalama, voisi noti ayi. Mumuuze chinthu chimodzi chimene mukufuna anthu amve, mwachitsanzo kuti mpungawo ndi Kilombero weniweni ndipo mumaperekeza pakhomo. Zina asalonjeze. Thumba lioneke m'masekondi oyambirira, chifukwa pa malonda anthu sadikira kuti nthabwala ithe. Mtengo asautchule pakamwa ngati umasintha, apo ayi vidiyo idzafa tsiku limene mudzakweze. Muione kaye asanaiposte. Mulembenso masiku a chilolezo ndi mtengo wake, kuti asaifufute masikuwo asanathe, ndi kuti aike #ad, poti bungwe la ARB, loyang'anira zotsatsa malonda kuno, limafuna kuti malonda olipiridwa azidziwika. Koma mawu enieniwo musiyireni yekha. Mukamulembera zonena, amamveka ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi, ndipo anthu amangodutsa.

Mtsikana wopanga mavidiyo: Ifenso tilankhuleko. Nkhope yanga ikakhala pa malonda a shopu imodzi miyezi itatu, shopu ina ya zakudya siingandiitane. Ndalama imeneyo ndi ya zimenezo.

Wagolosale: Ndamuimbira. Vidiyo yopanda nyimbo ali nayo. Akufuna R800 pa masiku 30, pamene ine ndimati ndibuste ndi R1 000 yokha. Ndilipire, kapena ndipangitse ina ndi munthu wina, tigwirizane zonse poyamba?

Mayi wa saluni: R800? Mpatseni R300 ndi thumba la mpunga.