Alonda 7, malo atatu, rosita ikundikana

Supavaiza watsopano: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi alonda 7 malo atatu muno mu Lilongwe. Weyahausi ya ku Kanengo imafuna mmodzi masana awiri usiku, nyumba ya ku Eriya 47 mmodzi masana mmodzi usiku, ofesi ya ku Eriya 3 usiku wokha. Shifiti ndi 6 mpaka 6. Sabata yatha wina anapita kumaliro kumudzi ndiye mnzake anagwira maola 36 osachoka pageti, ndinamupeza m'mawa atakhala pa ndowa maso ali psuu akulephera ngakhale kulemba mu buku la pageti, zinandiwawa kwambiri. Ndikulakwitsa pati?

Mkulu wa ku Limbe: Achimwene musawerenge anthu, werengani mashifiti. Kanengo 3, Eriya 47 awiri, Eriya 3 imodzi, ndi 6 patsiku, pasabata 42. Anthu 7 aliyense akagwira masiku 6 ikukwana 42 ndendende. Ndiye rosita itheka koma ilibe popumira, wina akangodwala basi yagwa.

Gadi wakale: Ife kale timangopanga 24 kugwira 24 kupuma, anthu awiri pageti nkhani yatha, ndipo thiransipoti imatsika chifukwa umayenda kamodzi pa masiku awiri

Mkulu wa ku Limbe: Za thiransipotizo mukunena zoona bambo, koma munthu amene wayima padzuwa tsiku lonse ikamakwana 2 koloko usiku amakhala atagona, ndipo akuba amaidziwa nthawi imeneyo. Pa weyahausi ine ayi.

Pangani chonchi. Anthu 6 akhale ndi malo awoawo, wachi 7 akhale wolowa mmalo mwa amene ali pa ofu. Chinsinsi chili pa ndondomeko ya iyeyo, ayambe ndi masana kenako usiku osasakaniza. Lolemba masana Kanengo, Lachiwiri masana Eriya 47, aweruka 6 madzulo apuma mpaka Lachitatu 6 madzulo. Lachitatu ndi Lachinayi usiku Kanengo, apumitsa awiri aja mmodzimmodzi, musadzawapatse ofu usiku umodzi onse awiri chifukwa payenera kutsala wodziwa maloko ndi ngodya za mdima. Lachisanu usiku Eriya 47, Loweruka usiku Eriya 3. Aweruka Lamulungu 6 m'mawa, abweranso Lolemba 6 m'mawa, maola 24 akwana. Mukangomuika usiku kenako masana a mawa lake mwabweretsanso zomwe zija za pa ndowa.

Mayi wa zoyeretsa: Ine atsikana anga 4 amakolopa maofesi 6, ndimangowagawa awiri awiri, ofesi iyi 5 koloko m'mawa inayo 7 koloko, mukhoza kutero inunso mmodzi azizungulira

Supavaiza watsopano: Zikomo mayi koma kukolopa kumatha munthu nkuchoka, geti siungaisiye. Funso langa kwa akulu, ndiye kuti Lamulungu palibe wina opuma kupatula wolowa mmaloyo? Andidya wamoyo anthu a tchalitchi

Mkulu wa ku Limbe: Eya pamenepo ndiye pamavuta. Afunseni kaye, mwina muli ndi wa Sabata amene akufuna Loweruka kapena Msilamu wofuna Lachisanu, awiri mwathana nawo. Otsalawo muzisuntha rosita yonse ndi tsiku limodzi mwezi ukatha, koma sabata yosinthirayo muiyang'ane bwino wina asapitirire masiku 6.

Wa malipiro: Mukuiwala ndalama abale. Mashifiti 6 a maola 12 ndi maola 72, pomwe lamulo la ntchito la 2000 limati 48 pasabata. Otsala 24 aja ndi ovataimu yofunika kulipidwa, ndipo mukamuitana pa tsiku lake la ofu ndi kawiri. Komanso ogwira masiku 6 pasabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pachaka, anthu 7 ndi masiku 126, pafupifupi masabata 21 opanda munthu mmodzi. Apa sitinawerenge matenda ndi maliro. Wachi 8 akufunika basi, ndipo ngati mtengo umene kasitomala akulipira sukukwanira munthu ameneyo ndiye kotesheni inalakwika poyamba pomwe.

Gadi wakale: Muonenso kokhala. Wa ku Eriya 25 mpatseni Kanengo, wa ku Mtandire Eriya 47, wa ku Chinsapo Eriya 3. Ambiri ojomba sikuti ndi ulesi, ya minibasi imatha pakati pa mwezi. Wozungulirayo mumuonjezere ya thiransipoti apo ayi Lachisanu simumuona. Ndipo mukafuna kudziwa ngati wina wagwira kawiri mobisa onani buku la pageti, dzanja limodzi kuyambira m'mawa mpaka m'mawa winawo

Supavaiza watsopano: Rositayo ndaijambula kale pa pepala ikugwira. Za wachi 8 abwana anakana mwezi watha, mawa ndipita nawo masiku 126 aja ndikaone. Nanga waganyu wongoitana pakagwa maliro mumamulipira pa shifiti kapena mumamupatsa kenakake mwezi ndi mwezi kuti asasowe?

Mayi wa zoyeretsa: Anga ndimalipira patsiku koma theka la nthawi foni yawo imakhala yozima

Wa malipiro: Ife timapereka kochepa pamwezi kuphatikiza pa shifiti, komabe awiri anatithawa atapeza ntchito yokhazikika