Uthenga wosinthira pasiwedi uja wapezeka

Funso langa lija linali loti: "Ndaiwala pasiwedi, ndadina Forgot password kanayi koma uthenga sukufika ku imelo yanga. Ndichite bwanji?"

Abale anga, vuto lija latha dzulo, ndipo netiweki ya kuno ku Nchalo inalibe mlandu monga ndinkaganizira.

Ndinayamba ndi Spam monga munandiuzira. Pa Gmail ya pafoni mumadina timizere titatu ta pamwamba kumanzere, n'kutsika mpaka pa Spam. Munalibe kanthu. Kumbukirani kuti za mmenemo zimafufutika zokha pakatha masiku 30. Ndinasakanso polemba `in:anywhere reset`, zomwe zimafufuza paliponse, ngakhale uthenga umene fyuluta yakankhira ku Trash. Osapezeka.

Mphwanga ndiye anatulukira chinsinsi pa risiti yakale. Tsiku lolembetsa, padzuwa lija la ku Boma, ndinalemba gmial.com m'malo mwa gmail.com. Choncho ndikalemba imelo yolondola, a kumene ndinalembetsa akauntiyo sankaipeza m'kaundula wawo, komabe ankangoyankha kuti "ngati akaunti ilipo, tatumiza". Mawu amenewa amalembedwa dala, kuti akuba asadziwe amene analembetsa.

Ndinawaimbira eni ake, nditatsimikiza kuti ndine, anakonza adiresiyo. Uthenga unafika pompo, ndipo ndinadina linki nthawi yomweyo chifukwa simakhalitsa.